Pampu inapsera m'manja mwanga

Ndimakhala ku Kanyama, koma kwathu ndi ku Katete. Mwamuna wanga atamwalira ndinatsala ndi ana atatu ndi chipinda cha lendi, ndipo chimene chatidyetsa zaka zonsezi ndi dimba. M'komboni mwenimweni mulibe polima, nyumba zinathithikana, pansi ndi miyala yokhayokha, ndipo dzinja likafika madzi amalowa mpaka m'nyumba. Choncho tinagwirizana anthu khumi ndi awiri, amayi asanu ndi atatu ndi abambo anayi, tinachita lendi malo kumadzulo, mbali ya msewu wa ku Mumbwa. Aliyense ali ndi chigawo cha mamita 25 m'litali ndi 25 m'lifupi, ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo anayi a lima. Timalima repu, chibwabwa, impwa ndi tomato, nkumakagulitsa ku Soweto. Pamalopo pali zitsime zitatu zokumba pamanja, zotakata kukamwa, ndipo chilichonse chimathirira madimba anayi.

Mu 2023 tinachita chilimba nkugula pampu ya petulo ya mainchesi awiri, pamodzi ndi mapaipi ake. Tsiku limene inafika tinavina. Amene sanasenzepo makheni awiri kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kufika pamutu sangamvetse chimene tinkavinira.

Lamulo lathu loyamba linali looneka lachilungamo kwambiri: munthu mmodzi, tsiku limodzi. Palibe anawerengera kuti tikatero aliyense azidikira masiku khumi ndi awiri kuti pampu imufikenso. M'nyengo yozizira sizinaoneke, chifukwa nthaka inkasunga chinyontho ndipo pakati pake tinkathandizira ndi makheni. Kutentha kutayamba, repu anayamba kugona pofika tsiku lachinayi. Ndiye tinasintha, tinati wofuna pampu azikalembetsa kwa a tcheya, kapena ba tcheya monga timanenera kuno. Anagula kope, nkumalisunga kunyumba kwawo. Ena ankalembetsa pafoni, ena pokumana nawo panjira, ena kutchalitchi. A tcheya ndi munthu wabwino mtima, ndipo vuto lawo linali lomwelo, sankadziwa kukana. Aliyense ankamuuza kuti, “Palibe vuto, mawa ni yanu.”

Chaka chimenecho tinadutsa mokangana pang'onopang'ono, madzi anali ambiri. Kenako kunabwera 2024. Januwale tinali pa kolera, odwala akugonekedwa ku bwalo la Heroes, zitsime zosazama za m'makomboni zikukwiriridwa, anthu akuopa ngakhale kugula ndiwo zamasamba. Tisanapume, mvula inadula chimanga chili pofuna kumasula, ndipo pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Nyanja ya Kariba itatsika magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, moti alimi a mapampu a magetsi ambiri anasowa pogwira. Masamba anakwera mtengo pamsika. Kwa ife a petulo inali nthawi yoti tipezeko kenakake, ndipo nchifukwa chake aliyense ankafuna pampu tsiku limodzimodzi.

Linali Lachiwiri, mwezi wa Seputembala. Ndinali nditalembetsa kuyambira Loweruka. Ndinafika kudimba cha m'ma 07:00, ndinapeza pampu ili kale pachitsime chathu, injini ili yofunda. Bambo wa dimba loyandikana ndi langa anali akupinda mapaipi. Nawonso a tcheya anawalonjeza Lachiwiri lomwelo, ndipo iwo anabwera kusanache. Anandiuza kuti, “Amayi, ine nasiliza, manje ni imwe.” Ndinasuzumira m'chitsime, ndinaona madzi akunyezimira pansi, ndinati alipo. Tomato wanga anali pamaluwa, masiku asanu osalawa madzi. Ndinakoka chingwe.

Madzi anatuluka bwino kwa kanthawi kochepa. Kenako paipi inayamba kulumphalumpha ngati njoka yopondedwa mchira, madzi akutuluka molavula, osakanikirana ndi thovu ndi matope. Injini inasintha kulira, inayamba kulira mopepuka ndi mothamanga. Lero ndikudziwa kuti pampu ikalira choncho ndiye kuti yasowa chokoka, ikumeza mpweya, ndipo uyenera kuthamanga kukaizimitsa. Tsikulo sindinkadziwa. Ndinali kumapeto kwa dimba nditagwira paipi, ndikudikira kuti mwina madzi abwereranso. Mmene ndinkafika pachitsime, mimba ya pampu inali yotentha yosagwirika. Nditathiramo madzi ena kuti ndiyambenso, anayamba kudontha pansi, pakati pa injini ndi pampu.

Madzulo ake kunali msonkhano, ndipo sindidzauiwala. Palibe anafunsa kuti chitsime anaphwetsa ndani kapena kuti tsiku limodzi linaperekedwa bwanji kwa anthu awiri. Funso linali limodzi: inafera m'manja mwa ndani? Mayi wina amene tinkadyera mbale imodzi ananena poyera kuti makina si a azimayi amasiye. Anagamula kuti ndilipire ndekha. Ndalama yomwe ndinasungira yunifomu ndi nsapato za mwana inapita, yotsalayo ndinakatenga kaloba. Pampu inakhala kwa makaniko masiku asanu ndi anayi, ndipo masiku onsewo anthu khumi ndi mmodzi ankasenza makheni akundiyang'ana ine. Tomato wanga anayoyola maluwa. Kunyumba kuli mdima, ana atagona, ndinkakhala pamphasa nkumalira mwakachetechete. Ndinapemphera kuti Mulungu angondionetsa njira yobwererera ku Katete, chifukwa Lusaka inali itandikana.

Yankho silinabwere m'mene ndinapemphera. Linabwera ndi makaniko wa ku Matero, mkulu wa imvi, tsiku limene ndinapita kukatenga pampu. Anandionetsa kachitsulo kozungulira kokhala ndi sipuling'i ndi mphira, kotchedwa silu, kali kosweka ndi kupserera. Anati kamene kaja kamaziziritsidwa ndi madzi omwe pampu ikukoka, ndiye madzi akasowa kamapsa m'mphindi zochepa. Kenako anandifunsa kuti, “Amayi, mukapopa, chitsime chanu chimatenga maola angati kuti chibwerere?” Ndinati sindidziwa. Anaseka, nati, “Ndiye mumalembetsa chiyani? Pampu ingalire tsiku lonse, siidandaula. Chomwe chimatopa ndi chitsime.”

Mawu amenewo anandisowetsa tulo. Chaka chathunthu tinkakangana za pampu, pamene chosowa chenicheni chinali madzi a m'chitsime, ndipo m'kope la a tcheya munalibe ngakhale mzere umodzi wonena za chitsime.

Lamulungu lotsatira ndinatenga mwana wanga wamkulu, nsungwi yaitali, penti wotsala ndi foni yoonera nthawi. Ndinapempha a tcheya kuti andilole kuyesa, petulo wanga. Choyamba tinayesa mphamvu ya pampu, osati yolembedwa pakatoni, koma imene imafika kumapeto kwa mapaipi athu. Diramu la malita 210 linadzaza m'masekondi 70. Ndiye kuti pa ola limodzi pampu imatipatsa madiramu pafupifupi 50. Alangizi a zaulimi anali atatiuzapo kale kuti nthawi yotentha masamba amamwa madzi okwana malita asanu kapena kuposerapo pa sikweyamita iliyonse tsiku lililonse. Mwana anawerengera: dimba langa ndi masikweyamita 625, ndiye malita opitirira 3,000 patsiku, pamasiku atatu madiramu 45. Ndinakhala pansi. Ola limodzi lokha! Munthu amene ankasunga pampu tsiku lonse ankafunika ola limodzi, maola enawo inkangokhala pansi pa mtengo, kapena ankathira madzi mpaka kukokolola manyowa, poopa kuti saiwonanso msanga.

Kenako tinayesa chitsime. Tinaimika nsungwi, tinalemba pamene madzi alekeza, nkuyamba kupopa. Ola litakwana madzi anali atatsika kuposa mita imodzi, kutsala pang'ono kuti sefa ya kumapeto kwa paipi yokokera iwonekere. Tinazimitsa nkumadikira. Ola loyamba madzi anakwera msangamsanga, kenako anayamba kukwera mwaulesi, ndipo anafika pafupi ndi chizindikiro chathu patapita maola atatu ndi theka. Zitsime zina ziwirizo tinaziyesa masiku otsatira, kusiyana kwake kunali kochepa. Apa ndinamvetsa zimene zinandichitikira Lachiwiri lija. Ndinayatsa pampu pachitsime chomwe chinali chitangopopedwa kumene. Akanakhala a tcheya kapena bambo aliyense, ikanapsa chimodzimodzi.

Ndinapita kumsonkhano ndi nsungwi yanga, ndipo ena anaseka ndisanayankhule nkomwe. Koma bambo uja amene anandisiyira chitsime chopanda madzi ndiye anayamba kuima. Anati, “Alekeni akambe, ine ndine n'napopa poyamba.” Sanapepese ndi pakamwa, koma kwa ine mawu amenewo anakwana.

Kalendala imene tinapanga tsikulo tinailemba pabolodi lakuda, lomwe tinakhoma pakhoma la kanyumba ka alonda, poti aliyense aziliona. Zitsime tinazitcha cha Kumtunda, cha Pakati ndi cha Kumunsi. Tsiku lili ndi nthawi zinayi: 06:00, 07:30, 15:00 ndi 16:30. Nthawi iliyonse ndi ola ndi theka, ola limodzi lopopa, theka losamutsa pampu pa wilibala, kulumikiza mapaipi ndi kuthira madzi m'mimba mwa pampu isanayatsidwe. Theka limeneli tinakangana nalo, ena ankati nkutaya nthawi, koma kusamutsako kumadyadi nthawi, ndipo mukapanda kulilemba limadyedwa pa ola la mnzanu wotsatira. Masana dzuwa lili pamutu pampu imapuma.

Mtima wa kalendalayi ndi wakuti pampu siipopa chitsime chimodzi kawiri motsatizana. Imayenda Kumtunda, Pakati, Kumunsi, nkubwerera Kumtunda, osadumpha. Lolemba imayambira Kumtunda 06:00, Pakati 07:30, Kumunsi 15:00, nkutsirizira Kumtunda 16:30. Lachiwiri imapitiriza pamene inalekezera, kuyambira Pakati, ndipo Lachitatu imayambira Kumunsi. Pofika Lachitatu madzulo anthu onse khumi ndi awiri athirira, chitsime chilichonse chapopedwa kanayi, ndipo palibe chimene chapopedwa chisanapume maola ochuluka kuposa atatu ndi theka aja. Lachinayi mpaka Loweruka timabwereza zomwezo. Wa Lolemba ndi wa Lachinayinso, wa Lachiwiri ndi wa Lachisanu, wa Lachitatu ndi wa Loweruka. Palibenso kulembetsa. Zili ngati chilimba, aliyense amadziwa tsiku lake asanadzale ndi mbewu yomwe.

Alangizi atabwera nkuona bolodilo anatiuza kuti ku Punjab, mbali ya India ndi ya Pakistan yomwe, alimi a m'ngalande akhala akugawana madzi motere kwa zaka zambirimbiri. Amati warabandi: maola 168 a sabata amagawidwa malinga ndi kukula kwa munda, ndipo aliyense ali ndi ola lake lodziwika, ngakhale likhale la pakati pa usiku. Ife tinapulumuka pa masamu amenewo chifukwa madimba athu ndi ofanana.

Koma nthawi zinayi zija sizofanana, ndipo apa ndi pamene panatsala mkangano. Ya 06:00 aliyense amaifuna, chitsime chagona usiku wonse, kunja kukuzizira, ukamaliza tsiku lonse ndi lako. Ya 15:00 mu Okutobala ndi chilango. Ya 16:30 imavuta ife amayi, chifukwa ukamamaliza kupinda mapaipi kwayamba kuda, ulendo wa ku Kanyama ukadalipo, ana sanadye. Komanso amene akupita ndi masamba ku Soweto m'mamawa sangakhale kudimba 06:00. Tinagwirizana kuti mwezi uliwonse anthu anayi a chitsime chimodzi azisuntha pamzere wawo. Mwamwayi, mmene pampu imazungulira, chitsime chilichonse chimalandira nthawi zonse zinayi, kamodzi kamodzi, ndiye pamiyezi inayi aliyense amalawa yokoma ndi yowawa yomwe.

Kusunthako kunali ndi msampha wake, umene tinauona pabolodi tisanagwemo. Aliyense akasunthira kutsogolo, woyamba pamzere amapita kumapeto. Tengani ine: mwezi woyamba ndinali wa Lolemba ndi Lachinayi 06:00 pa cha Kumtunda. Mwezi wotsatira ndinakhala wa Lachitatu ndi Loweruka 07:30. Kuchokera Lachinayi lomaliza kufika Lachitatu loyamba ndi masiku asanu ndi limodzi, ndipo repu sangapirire. Anthu otere amakhala atatu mwezi uliwonse, mmodzi pachitsime chilichonse. Amenewa timawapatsa Lamulungu la pakati pakepo, akaweruka kutchalitchi, ndipo masiku asanu ndi limodzi aja amasanduka atatu ndi atatu. Masabata ena onse Lamulungu limakhala lopanda dzina. Ndi la amene anaphonya chifukwa cha maliro kapena matenda, ndi la mayi wathu wa mpingo wa Sabata mwezi umene mzere wamugwetsera pa Loweruka.

Nsungwi ija inabala zinzake ziwiri, chitsime chilichonse chili ndi yake. Pa iliyonse pali mzere wofiira, chikhatho chimodzi pamwamba pa sefa. Madzi akafika pamzerewo umazimitsa, kaya ola lako latha kaya silinathe. Madzi otsala pansi pa mzere ndi a makheni, chifukwa nazale ndi mbande zongowokera kumene sizingadikire masiku atatu, zimafuna madzi m'mawa ndi madzulo, ndipo mphamvu ya paipi ingazikokolole. Poyamba anthu ankachita ngati mzerewo sakuuona. Tinaika lamulo lakuti wolandira pampu aziyang'ana nsungwi ya amene wamusiyira, ndipo zinatha.

Petulo tinathetsa mosavuta: umalandira thanki yodzaza, umabweza yodzaza, onse awiri mukuona. Za oyilo ndiye kalendala inatichitira chinthu chomwe sitinachiganizire. Kale palibe ankadziwa kuti injini yagwira maola angati, oyilo ankasinthidwa munthu akakumbuka, ali wakuda ngati phula. Tsopano maola amadziwerenga okha, 24 pasabata, ndiye pamasabata anayi akuyandikira 100 amene kabuku ka pampu kamanena. Choncho Lamulungu losinthira mzere ndi lomwelonso losinthira oyilo, wopitirira pang'ono theka la lita, ndi kutsuka sefa ya mpweya. Aliyense amaponya kandalama kofanana mwezi ndi mwezi, ndipo pampu ikawonongeka munthu akutsata bolodi ndi nsungwi, gulu lonse ndilo limalipira. Lamulo limeneli ndinalimenyera ndekha mpaka mawu anasasa.

Kusinthana kumaloledwa, koma pakati pa anthu a chitsime chimodzi okha, apo ayi kuzungulira kwa pampu kumasokonekera. Onse awiri amapita kukafufuta ndi kulemba pabolodi pamaso pa alonda. Lonjezo la pafoni kapena la panjira silimveka. Achinyamata amajambula bolodi nkutumizirana, zili bwino, koma chithunzi chikasiyana ndi bolodi, bolodi ndilo loona, chifukwa theka la ife mafoni athu ndi a mabatani. Wochedwa amadya ola lake lomwe, wotsatira sadikira. A tcheya anapumula. Anandiuza okha kuti kope lija linkawadwalitsa mutu, ndipo ndikukhulupirira, ngakhale kuti mumtima ndinati akanaliwotcha kale ndisanatenge kaloba.

Ndisanamizire kuti bolodi linabweretsa madzi. Kumayambiriro kwa Novembala chaka chomwecho, mvula isanagwe, cha Kumunsi chinayamba kufika pamzere wofiira patangotha mphindi makumi awiri, ndipo m'mawa mwake chinkapezeka chisanabwerere. Anthu anayi a kumeneko anafuna kuti azipopa cha Pakati. Tinayesanso ndi nsungwi, tinapeza kuti cha Pakati sichingathe madimba asanu ndi atatu. Panali kulira, panali kutukwana. Mapeto ake tonse khumi ndi awiri tinasiya theka la dimba lililonse kuti liume, ola linatsika kukhala mphindi makumi atatu, ndipo tinalumikiza mapaipi onse kuti madzi a Pakati ndi Kumtunda azifika kumunsi. Ine ndinasiya impwa ndi chibwabwa, ndinasunga repu. Zinawawa, komabe lililonse mwa madimba khumi ndi awiri linafika pa mvula lili ndi chobiriwira, ndipo pampu siinapsenso.

Kaloba ndinamaliza kubweza Khirisimasi isanafike, ndi ndalama ya repu yemweyo. Gulu silinandibwezere zimene ndinalipira kwa makaniko, ndipo ndinasiya kuziyembekezera. Mayi uja wa mawu a amasiye tinakhala miyezi osalonjerana, mpaka tsiku lina injini inasintha kulira ili m'manja mwake, ndipo ndinathamanga kuchokera kudimba langa nkuizimitsa iye asanadziwe chimene chikuchitika. Anandiyang'ana, nati, “Zikomo, mlongo wanga.” Tinathera pomwepo. Ndimathokoza Mulungu kuti sanandiyankhe pemphero la ku Katete lija.

Anzanga a ku Chawama, a ku George, a ku Mtendere ndi kwina kulikonse kumene mwasonkherana pampu imodzi, musanalembe dzina la munthu aliyense pa kalendala, tengani nsungwi, diramu ndi wotchi, mukakhale pachitsime tsiku limodzi. Manambala anga musatengere, chitsime chanu si changa, ndipo ngakhale chathu timachiyesanso Ogasiti aliyense. Choko chili m'manja mwanga chaka chino, ndipo mwezi uno ndine wa 15:00.